Kuunika afidaviti isanalumbiridwe: madeti, mayina ndi nambala za ndime

Afidaviti ndi chikalata chimene munthu amalembamo umboni wake n'kulumbira pamaso pa wolumbiritsa kuti zonse zili m'menemo ndi zoona. Ikafika kukhoti imagwa m'manja mwa woweruza, amene akufuna kudziwa chimene chinachitika ndi tsiku limene chinachitikira, komanso m'manja mwa loya wa mbali inayo, amene akufunafuna poti agwire. Deti limodzi likasokonekera, loyayo safunsa za detilo lokha. Amafunsa kuti, "Mayi, munalumbira kuti zonsezi ndi zoona. Ngati apa munalakwitsa, tikukhulupirireni bwanji pa zinazo?" Munthu wonena zoona amayamba kuoneka wabodza chifukwa cha chala cha amene anatayipa.

Ntchito younika imafuna kuti muwerenge chikalatacho katatu, ulendo uliwonse mukufuna chinthu chimodzi chokha. Mukawerenga kamodzi kuti mugwire zonse, nkhani imakukokani, maso n'kumangodutsa pa manambala ndi pa mayina chifukwa mtima ukudziwa kale chimene chiyenera kukhala pamenepo. Chinanso choti mugwiritse kuyambira pachiyambi n'chakuti woyang'ana zolakwika amaika chizindikiro ndi kufunsa, sakonza mfundo mwa kuganizira. Amene adzalumbire si inu ayi. Deti loona limachokera pa pepala loyambirira kapena pakamwa pa mwini umboni.

Musanayambe, sindikizani afidaviti yonse papepala, musaunikire pakompyuta pokha. Ikani pambali pake zikalata zonse zimene zaphatikizidwa ngati umboni, chiphaso cha wolumbirayo, ndi chikalata chimene chinatsegula mlanduwo kukhoti, chifukwa n'chimene chili ndi nambala ya mlandu ndi mayina a mbali zonse monga khoti linawalembera. Tenganinso pensulo, rula, kalendala ya zaka zimene zatchulidwa, ndi pepala lopanda kanthu.

Tiyerekeze kuti pamaso pathu pali afidaviti ya mayi amene anagulitsa katundu pangongole, wogulayo osalipira. Ili ndi masamba anayi, nambala za ndime zake zikuthera pa 14, ndipo zikalata zophatikiza zaikidwa zilembo kuyambira A. Sinalumbiridwe, koma mbali yolumbirira kumapeto inalembedwa kale.

Yambani ndi nambala za ndime

Ambiri amayamba ndi madeti, koma ine ndimalangiza kuyamba ndi nambala za ndime, chifukwa ngati ndime yathunthu kapena tsamba lasowa, ndi bwino kudziwiratu musanataye nthawi pa zina. Phimbani mawu onse ndi pepala, musiye manambala okha a kumanzere akuoneka, ndiye muwawerenge motulutsa mawu mukutsetsereka ndi chala. Samalani kwambiri pamene tsamba likutha ndi pamene lina likuyamba.

Mu afidaviti yathuyi mukuwerenga 4, 5, 6, kenako 8. Nambala 7 palibe. Apa musathamangire kusintha 8 kuti ikhale 7. Nambala ikasowa, pali zinthu zitatu zimene zingakhale zitachitika, ndipo chilichonse chimasiya mapazi ake.

Mwina ndimeyo ilipo koma inamatirira ku inzake. Zikatero ndime 6 imaoneka yaitali kuposa zina, ndipo pakati pake nkhani imakhota mwadzidzidzi, kuchoka pa kuperekedwa kwa katundu n'kuyamba za malipiro. Mwina tsamba lonse linatsalira posindikiza kapena pomanga. Izi mumaziona pa nambala za masamba, ndiponso poti chiganizo chotsiriza cha tsamba lina sichilumikizana ndi choyamba cha tsamba lotsatira. Kapenanso ndimeyo inachotsedwa pokonza, mwadala kapena mwangozi, manambala n'kutsala mmene analili chifukwa anachita kutayipidwa pamanja.

Kuti mudziwe chimene chachitika, fufuzani malo onse amene chikalatacho chikudzitchula chokha. Lembani mzere kunsi kwa mawu onse onga "monga ndanenera m'ndime yakuti" kapena "chikalata chimene chatchulidwa m'ndime yakuti", ndipo pa alionse bwererani ku ndime yotchulidwayo mukaone ngati ikunenadi zimenezo. M'chitsanzo chathu, mmene wogulayo akutchedwa woyankha, ndime 11 ikuti, "Ndalama zimene woyankha analipirako, monga ndanenera m'ndime 7, sizinafike theka la ngongoleyo." Ndime 6 ndi yaifupi ndipo sikunena za malipiro. Masamba onse anayi alipo ndipo akulumikizana. Mukayang'ana zikalata zophatikiza zimene zatchulidwa m'kati mwa afidaviti, mukupeza A, B, D ndi E, koma pa mulu wa mapepala pali lisiti yolembedwa C imene palibe ndime ikuitchula. Apa zaonekeratu kuti panali ndime 7 yonena za malipiro amene wogulayo anaperekako, yokhala ndi lisiti C, ndipo inagwa pokonza.

Taonani chimene chikanachitika mukanangokonza manambala. Afidaviti ikanaoneka yosalala, koma ikanapita kukhoti itabisa mfundo yoti wogulayo analipirako, ndipo ndime imene ikuloza ku 7 ikanaloza pa kalata yokumbutsa ngongole. Mbali inayo ikanatulutsa lisiti yawo n'kunena kuti mayiyo anabisa dala. Choti muchite ndi kulemba m'mphepete kuti "ndime 7 yasowa, onani ndime 11 ndi C", n'kufunsa amene analemba kuti ibwezeredwe kapena afotokoze chifukwa chimene inachotsedwera.

Yang'ananinso nambala zobwerezedwa, monga ndime ziwiri zonse zolembedwa 9, ndi tindime tating'ono ta m'kati timene timayamba (a), (b) n'kulumphira ku (d). Ndime yopanda nambala n'komwe, imene yangokhala pakati pa ziwiri, nayonso ndi vuto, chifukwa mbali inayo poyankha imatchula ndime ndi nambala yake, ndipo woweruza naye amatero polemba chigamulo.

Ngati chikalatacho chinalembedwa mu Word ndi manambala odziika okha, ndime ikachotsedwa manambala amadzikonza, choncho kusowako sikuoneka m'mphepete. Koma mawu oloza ku ndime zina amene anatayipidwa pamanja sasintha, ndipo amayamba kuloza polakwika. Amene anaikidwa kudzera pa Cross-reference amasintha mukasankha chikalata chonse ndi Ctrl+A n'kudina F9. Ngakhale mutatero, aunikeni ndi maso amodziamodzi.

Madeti

Iyi ndi mbali imene imadya nthawi yambiri. Tengani pepala lopanda kanthu lija mulijambule mizere kuti likhale ndi zigawo zinayi: nambala ya ndime, deti monga lalembedwera, chimene chinachitika, ndi pepala limene likuchitira umboni detilo. Yendani mu afidaviti yonse ndi rula mzere ndi mzere, mukukopera deti lililonse monga lilili, ngakhale likuoneka lolakwika. Musaiwale la pamutu, la kumapeto polumbirira, ndi a pa zikuto za zikalata zophatikiza. Koperaninso mawu onena za nthawi amene alibe deti, monga "mawa lake", "patatha masiku 14" kapena "mwezi wotsatira".

Pa afidaviti yathu pepalalo likutuluka motere. Ndime 3, mgwirizano unasainidwa pa 5 Febuluwale 2024, chikalata A. Ndime 5, katundu anaperekedwa Lachiwiri pa 12 Malichi 2023, chikalata B. Ndime 8, kalata yokumbutsa ngongole inatumizidwa pa 03/04/2024, chikalata D. Ndime 9, patatha masiku 14, pa 19 Epulo 2024, woyankha anayankha, chikalata E. Polumbirira palembedwa 8 Januwale 2024.

Funso loyamba pa deti lililonse n'lakuti kodi tsiku lotere liliko? Epulo, Juni, Seputembala ndi Novembala amathera pa 30, ndiye 31 wa miyezi imeneyi kulibe. Febuluwale anali ndi 29 mu 2024, koma mu 2023 ndi mu 2025 anathera pa 28. Madeti athu onse akupambana apa.

Funso lachiwiri n'lakuti kodi zochitikazo zikutsatana mmene zingathekere? Madeti akakhala pa pepala limodzi, vuto limadzionetsa lokha. Katundu wa mgwirizano wa mu Febuluwale 2024 akunenedwa kuti anaperekedwa mu Malichi 2023, miyezi 11 mgwirizanowo usanasainidwe. Zoterezi zikhoza kuchitika m'moyo, anthu kupatsana katundu n'kudzalemberana pambuyo pake, choncho musagamule msanga. Koma ndimeyo yatchulanso dzina la tsiku, ndipo limeneli ndi mboni yabwino. Pa kalendala, 12 Malichi 2023 linali Lamlungu, pamene 12 Malichi 2024 linali Lachiwiri. Ngati mulibe kalendala ya chakacho, Excel ikuuzani:

```
=TEXT(DATE(2023,3,12),"dddd")
```

Yankho lake ndi Sunday. Ndiye zikuoneka kuti cholakwika ndi chaka. Komabe chomaliza kunena ndi chikalata B, pepala limene wogulayo anasaina polandira katundu. Litseguleni muone. Ngati likuti 12 Malichi 2024, lembani m'mphepete kuti "2024 malinga ndi B, mwini atsimikize". Ngati B nalonso likuti 2023, nkhani yakula, ndipo siyoti mungaithetse ndi pensulo. Wolumbirayo ndi loya wake ayenera kukhala pansi, chifukwa afidaviti iyenera kufotokoza chifukwa chimene pepalalo likusiyanirana ndi zimene iye akukumbukira.

Deti la m'ndime 8 si labodza, koma lili ndi nkhope ziwiri. Amene amayamba ndi tsiku awerenga 03/04/2024 kuti 3 Epulo, pamene amene amayamba ndi mwezi awerenga kuti 4 Malichi. Kusiyanako n'kwakukulu pa mlandu uwu, pakuti 4 Malichi zingatanthauze kuti mayiyo anakumbutsa ngongole katundu asanaperekedwe n'komwe. Kalata D ikuti 3 Epulo 2024. Lamulo labwino ndi kulemba mwezi m'mawu paliponse mu afidaviti, ndiponso kulemba chaka ndi manambala onse anayi.

Tsopano werengetsani. Kuchokera pa 3 Epulo, masiku 14 akutifikitsa pa 17 Epulo, osati pa 19. Chimodzi mwa ziwirizi n'cholakwika, kaya detilo kapena chiwerengero cha masiku. Kalata E ikuti 19 Epulo, ndiye kuti anadutsa masiku 16. Ena amaona ngati ichi n'chaching'ono, koma ngati kalata D inapatsa wogulayo masiku 14 oti alipire, funso loti anayankha nthawi isanathe kapena itatha lagona pa masiku awiri amenewa. Nthawi zambiri njira yabwino ndi kuchotsa mawu owerenga masikuwo n'kusiya deti lokha, koma limenelo ndi ganizo loti mupereke kwa wolemba, osati kuchita nokha. Samalaninso ndi kalata imene ili ndi madeti awiri, lolembera ndi la chidindo cholandirira. Afidaviti inene momveka kuti ikukamba liti.

Chotsala ndi deti lolumbirira. Palembedwa 8 Januwale 2024, pamene zonse zimene mayiyo akufotokoza zinachitika kuyambira Febuluwale 2024 kupita m'tsogolo. Munthu sangalumbirire zinthu zimene sizinachitike. Ili ndi vuto la kumayambiriro kwa chaka, pamene dzanja likadazolowera chaka chatha, ndipo limabweranso pamene afidaviti yatsopano yalembedwa pamwamba pa yakale. Deti limeneli siliyenera kutayipidwa pasadakhale. Pasiyidwe mpata kuti lidzalembedwe tsiku lenileni lolumbira, wolumbirayo ali pamaso pa wolumbiritsa. Deti la pa zikuto za zikalata zophatikiza lidzafanane ndi lomwelo, ndipo pasakhale chikalata chophatikiza chimene deti lake likubwera pambuyo pa tsiku lolumbira.

Mayina

Choyamba sankhani kalembedwe kamene kakhale muyeso. Kwa wolumbirayo, muyeso ndi chiphaso chake. Kwa mbali za mlandu, muyeso ndi mutu wa mlandu monga ulili pa chikalata chotsegulira. Kwa kampani, ndi dzina limene inalembetsa, lathunthu, pamodzi ndi mawu a kumapeto kwake. Koperani mayinawa ndi zilembo zikuluzikulu pa kapepala, ndiye muziyendetsa kapepalako kunsi kwa dzina lililonse limene mwakumana nalo, mukufananitsa chilembo ndi chilembo. Musamawerenge dzinalo ngati liwu. Litchuleni chilembo chimodzichimodzi.

Malo amene dzina limakonda kusintha ndi odziwika: l ndi r kusinthana, h kugwa pambuyo pa p, t kapena k, chilembo chobwereza kukhala chimodzi, dzina lapakati kupezeka apa n'kusowa apo, ndi dzina la bambo kubwera patsogolo pa tsamba lina koma pambuyo pa linzake. Palinso mayi amene zikalata zina zili m'dzina la kwawo, zina la kubanja. Ndipo choopsa kuposa zonsezi ndi dzina la munthu wina wa mlandu wakale limene linatsalira penapake chifukwa wolembayo anayambira pa chikalata chakale. Limakonda kubisala kumapeto polumbirira, pa timawu ta pamwamba ndi pansi pa tsamba, ndi pa zikuto.

Tinene kuti dzina loyamba la mayi wathuyu lalembedwa Malita pamutu ndi m'ndime 1, koma Marita m'ndime 10 ndi polumbirira. Pakompyuta, kufufuza dzina lolondola ndi Ctrl+F sikuthandiza kwenikweni, chifukwa kumangokuonetsani malo amene alibe vuto. Fufuzani kachidutswa ka dzina kamene sikasintha, kapena mu Word tsegulani Advanced Find, chongani Use wildcards, n'kulemba:

```
Ma[lr]ita
```

Zikatero akuonetsani makalembedwe onse awiri. Koma musadine Replace All. Nachi chifukwa chake. Chiphaso chikuti Malita, ndiye dzina la polumbirira liyenera kukonzedwa. Koma ndime 10 ikubwereza mawu a mu mgwirizano, ndipo mukatsegula chikalata A mukupeza kuti mmenemo analembadi Marita. Mawu obwereza chikalata china ayenera kukhala monga alili m'chikalatacho. Mukawakonza, afidaviti ikhala ikunena chimene pepalalo silinena. Chofunika apa ndi chiganizo chowonjezera chimene mayiyo angalumbirire, chakuti dzina lake pa chiphaso ndi Malita, kuti mu mgwirizano analemba Marita, ndipo kuti mayina awiriwa ndi a munthu mmodzi, iye mwini. Vuto lavomerezedwa poyera, ndipo mbali inayo ilibenso poyambira kunena kuti mgwirizanowo ndi wa munthu wina.

Ngati dzina lalakwika pa mutu wa mlandu weniweniwo, kuyambira pa chikalata chotsegulira, musalikonze mwakachetechete pa afidaviti yokha. Kukonza mutu wa mlandu kuli ndi njira yake kukhoti, ndipo imeneyo ndi ntchito ya loya. Pa ulendo womwewu onetsetsani kuti mawu oimira mayina sakusinthasintha. Amene watchedwa "woyankha" m'ndime 2 asasanduke "wodandaula" m'ndime 12. Kulakwitsa kumeneku kumatembenuza chiganizo chonse, ngakhale kalembedwe kali bwinobwino. Fananitsaninso nambala ya mlandu ndi chaka chake, nambala imodziimodzi.

Kukonza, ndi nthawi imene simungakonzenso

Zizindikiro zanu zikayankhidwa, zokonza zilowe pakompyuta, chikalata chisindikizidwenso, ndipo muwerengenso nambala za ndime ndi mawu oloza ku ndime zina kuyambira pachiyambi, chifukwa kubwezera ndime 7 kapena kuwonjezera chiganizo cha dzina kukhoza kusuntha zina. Ngati alipo mnzanu, mmodzi aziwerenga mokweza madeti ndi mayina kuchokera pa zikalata zoyambirira, winayo akutsatira pa afidaviti. Onetsetsaninso kuti mbali yolumbirira siyakhala yokhayokha pa tsamba lake. Makhoti ambiri amafuna kuti itsatane ndi mawu otsiriza a afidaviti pa tsamba limodzi, kuti wina asadzalowetse masamba ena pakati. Kenako wolumbirayo awerenge yekha zonse asanasaine. Ngati sawerenga chinenero chimene chalembedwacho, amuwerengere ndi kumumasulira, ndipo mbali yolumbirira inene kuti zinatero. Mumufunse za madeti amodziamodzi, osangomufunsa kuti "zili bwino?" chifukwa ambiri amangovomera pofuna kuti zithe.

Cholakwika chikaoneka muli kale pamaso pa wolumbiritsa koma lumbiro lisanachitike, chikhoza kukonzedwa ndi cholembera. Dulani mawu olakwikawo ndi mzere umodzi kuti aziwerengekabe, lembani olondola pamwamba pake, ndipo wolumbiritsa asaine mwachidule m'mphepete pambali pa kusinthako. Kawirikawiri wolumbirayo nayenso amasaina pomwepo. Musafute ndi mankhwala oyera aja kapena kukanda pepala. Zokonza zikachuluka, sindikizani ina.

Ikalumbiridwa, afidaviti siikhudzidwanso. Kusintha nambala imodzi kapena kuchotsa tsamba n'kuikapo lina pambuyo pa lumbiro kumachititsa kuti chikalatacho chisakhalenso chimene munthuyo analumbirira, ndipo kukhoza kuika m'mavuto aakulu amene wasinthayo. Ngati sinaperekedwe kukhoti, konzani n'kukalumbiritsanso yonse, ndi deti latsopano. Ngati inaperekedwa kale, njira yodziwika ndi afidaviti yowonjezera imene imatchula ndime yolakwikayo, chimene inanena, chimene chili choona, ndi mmene kulakwitsako kunabwerera. Malamulo a khoti lililonse amanena ngati pakufunika chilolezo choperekera yowonjezerayo, ndiye loya kapena ofesi yolandira zikalata ya khotilo ifunsidwe msanga, tsiku lomvera mlandu lisanayandikire. Poilemba, tchulani ndime ndi manambala amene ali pa afidaviti yoyambayo, ngakhale analumpha 7, chifukwa amenewo ndi amene woweruza ndi mbali inayo ali nawo m'manja.